Mwamangira K150 miliyoni, valuwa akuti K60 miliyoni: wakuberani?

Musathawe kaye. Ngati munapitapo ku banki ndi taitolo ya nyumba yanu n'kubwerako mutatupa ndi mkwiyo chifukwa valuwa, katswiri woyeza mtengo wa nyumba, wailemba mtengo wochepa, vidiyo iyi ndi yanu. Njira zazikulu zopezera mtengo wa nyumba zilipo zitatu. Ndizithamangira msangamsanga, chifukwa pali bodza lina limene ndikufuna tilikhalire pansi. Dinani kaye Subscribe, sizilipiritsa.

Ziwerengero zonse zimene nditchule ndi zongopereka chitsanzo, musakazitengere kwa wogula.

[Pa sikirini: 1. Kuyerekeza]

Njira yoyamba ndi kuyerekeza. Muli ndi nyumba ya zipinda zogona zitatu ku Area 25 ku Lilongwe. Valuwa amafufuza nyumba zofanana nayo zimene zagulidwa posachedwapa m'dera lomwelo. Ina inapita pa K55 miliyoni koma ilibe mpanda, ina pa K65 miliyoni koma ili pafupi ndi msewu wa tala. Yanu ili ndi mpanda koma ili m'kati, msewu wafumbi. Ndiye amawonjezera apa, kuchotsera apo, n'kufika cha m'ma K60 miliyoni. Mvetsani mawu akuti "zagulidwa". Mtengo umene dobadoba walemba pa Facebook ndi wopempha chabe, ndipo nyumba ina imakhala chaka chathunthu pamenepo osapeza munthu. Njirayi imayenera nyumba zokhalamo ndi mapuloti, kumene malonda amachitika kawirikawiri.

[Pa sikirini: 2. Lendi]

Yachiwiri ndi ya lendi, ndipo imakhalira bwino mashopu, maofesi ndi nyumba zosungiramo katundu. Wogula chinyumba cha mashopu ku Limbe sakufuna kugonamo, akugula ndalama zimene zizilowa mwezi ndi mwezi. Tinene kuti lendi yonse ndi K2 miliyoni pa mwezi, K24 miliyoni pa chaka. Chotsanipo msonkho wa kukhonsolo, inshuwalansi, zokonzakonza, ndi miyezi imene shopu ina imakhala yopanda munthu. Tinene zonsezo zadya K4 miliyoni, yatsala K20 miliyoni.

[Pa sikirini: mtengo = lendi yotsala pa chaka ÷ phindu limene ogula amayembekezera]

Ngati ogula nyumba zotere amafuna phindu la 10 peresenti pa chaka, mtengo ndi K200 miliyoni. Koma akaona kuti alendi ake ndi ovuta kulipira n'kufuna 12.5 peresenti, mtengo ukutsikira pa K160 miliyoni. Mwaona? K40 miliyoni yapita, chinyumba chili chomwecho. N'chifukwa chake peresentiyo valuwa sayenera kuitenga m'mutu, amaitenga pa malonda enieni a nyumba zina za lendi.

[Pa sikirini: 3. Mtengo womangira]

Yachitatu ndi ya tchalitchi, mzikiti, sukulu, chipatala, zinthu zimene sizigulitsidwagulitsidwa ndipo zilibe lendi yoti muwerengere. Amawerengera ndalama zomangira china chofanana nacho lero, kuchotsapo kutha kwa chimene chilipocho, n'kuphatikiza mtengo wa malo. Basi.

Tsopano bodza lija. Konzani mpando.

"Ndinamangira K150 miliyoni, malisiti onse ndili nawo, ndiye nyumba yanga ndi ya K150 miliyoni." Iyayi bambo. Iyayi mayi. Mawu amenewa ndimawawerenga m'makomenti sabata iliyonse, ndipo amandiwawa, chifukwa amene amawanena ndi anthu amene anakhetsadi thukuta.

Tiyeni tione bwinobwino. Munthu wagwira ntchito ku Joni zaka zambiri, watumiza ndalama, wamanga nyumba yosanja pa puloti imene anagula kale m'dera limene nyumba zoyandikana nazo zimapita pa K40 miliyoni. Matailosi ochokera kunja, geti yotseguka yokha, mabafa anayi. K150 miliyoni yalowadi pamenepo, palibe akutsutsa. Koma funso la valuwa si lakuti mwawononga zingati. Funso lake ndi lakuti, nyumbayi itaikidwa pa msika lero, munthu wofuna kugula, wosakakamizidwa, angapereke zingati?

Ndiye ganizirani munthu amene ali ndi K150 miliyoni m'manja. Amayamba wasankha dera, kenako nyumba. Akafika kwanu aona msewu umene galimoto imatitimira nthawi ya dzinja, madzi otuluka usiku okhaokha, bala yoimba nyimbo mpaka mbandakucha kuseri kwa mpanda. Matailosi anu sangakonze chilichonse mwa zimenezi. Atembenuka, akafuna kwina. Amene amafunadi kukhala m'dera limenelo ndi anthu a K40 kapena K60 miliyoni, ndipo ndi iwowo amene akuikireni mtengo.

Simukukhulupirira? Iyeseni ndi njira yachiwiri ija. Nyumba imeneyo m'dera limenelo mungaibwereketse pa zingati? Tinene K400,000 pa mwezi, ndiye K4.8 miliyoni pa chaka, tisanachotse n'komwe zokonza. Pa 8 peresenti ikubwera K60 miliyoni. Tinene kuyerekeza nako kukunena K60 miliyoni, lendi ikunena K60 miliyoni, malisiti okha ndi amene akukuwa K150 miliyoni. Banki imvera ziwiri zija, pakuti mukalephera kubweza ngongole iyo idzagulitsa nyumba, osati malisiti. Ndipo kawirikawiri lipoti la ku banki limakhalanso ndi mtengo wina wotsikirapo, wa nyumba yogulitsidwa mwachangu.

Komanso m'malisitimo muli zinthu zimene wogula sangakubwezereni. Simenti imene inalowa m'tchire, khoma limene mmisiri anapindika n'kuligwetsa, denga limene munakhoma kawiri. Zonsezo ndi ndalama zanu zenizeni, koma panyumbapo sizikuoneka.

Wina ali kale pa kiyibodi: "Nanga njira yachitatu ija si ya mtengo womangira?" Eya, koma ndanena kuti amachotsa kutha kwake, ndipo kutha sikutanthauza ming'alu ndi dzimbiri la malata lokha. Nyumba yoposa msinkhu wa dera lake imachotseredwanso, ngakhale penti isanaume. Ndiponso njira imeneyi timaithamangira pamene msika uli chete, monga pa tchalitchi. Pamene pali nyumba zogulidwa zoti tiyerekeze, msika ndi umene umalankhula.

Bodzali limalumanso mbali inayo. Amene anamanga mu 2015 ndi K25 miliyoni akagulitsa potengera malisiti akale, adzalira. Mu Novembala 2023 mokha kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya simenti ndi zitsulo n'kukwera. N'chifukwa chakenso nyumba imene inagulidwa kwacha isanagwe simungaiyerekeze ndi yanu osakonza chiwerengerocho.

Pamene mtengo womangira uli pamalo pake ndi pa inshuwalansi. Nyumba yosanja ija ikapsa, kuimanganso kudzafuna ndalama zomangira za lero, osati K60 miliyoni ya pa msika. Puloti siipsa, ndiye mtengo wake sulowamo. Nyumba imodzi, mitengo iwiri, yonse yolondola, ndiye mukamaitana valuwa muuzeni lipotilo ndi la chiyani: kugulitsa, ngongole kapena inshuwalansi. Mufunseninso ngati ali m'kaundula wa mavaluwa ovomerezeka, chifukwa kapepala ka dobadoba ku banki sakalandira.

Sabata ya mawa tikamba za nyumba yomangidwa pa malo a mfumu opanda taitolo, ndi chifukwa chake banki imachita nayo njenje. Lembani m'makomenti dera lanu ndi lendi imene nyumba za zipinda zitatu zikupita kumeneko, tidzawerengere limodzi. Ndipo m'bale wanu uja ali ku Joni amene akufuna kuwonjezera nsanja yachitatu, mutumizireni vidiyoyi asanagule zitsulo.