ESR ndi CRP: zikasiyana pa pepala la wodwala mmodzi

Eya, anzanga, makamaka inu amene mwangoyamba kumene ntchito, ndati ndijambule mawu chifukwa funso limeneli labweranso. ESR ndi CRP, paja, ndi zoyeza magazi ziwiri zoonera kutupa m'thupi. Wina akuti CRP yatsika koma ESR ikadali pamwamba, ndiye tikhulupirire iti? Zonse ziwiri zikunena zoona. Kungoti... iyayi, dikirani kaye, ndiyambe ndi zimene chilichonse chimayeza, apo ayi tisokonezana.

ESR simayeza kutupa mwachindunji. Mumvetse pamenepo. Imayeza liwiro limene maselo ofiira a magazi amatsikira pansi m'chubu pa ola limodzi, basi. Maselo ofiira mwachibadwa amakankhana, safuna kugundana, ndiye amatsika pang'onopang'ono. Koma m'thupi mukakhala kutupa, chiwindi chimapanga mapuloteni ena ochuluka, makamaka fibirinojeni, ndipo ma antibodi nawonso amachuluka. Mapuloteni amenewa amachepetsa kukankhana kuja, maselo nkuyamba kusanjikizana ngati ndalama zachitsulo zounjika, mulu uja nkulemera, nkumira msanga. Ndiye nambala ikakwera, ikutiuza kuti m'magazi muli zinthu zomatitsa maselo. Kutupa tikungokuganizira kuchokera pamenepo.

CRP ndi nkhani ina. Iyo ndi puloteni yeniyeni imene chiwindi chimatulutsa chikalandira uthenga wa IL-6, kapuloteni kolengeza za kutupa, kuchokera pamene pavuta, ndipo makina amayeza kuchuluka kwake m'magazi. Imayamba kukwera pakangopita maola 6 mpaka 8, imafika pachimake pafupifupi pa masiku awiri, ndipo choyambitsa chikatha, theka lake limachoka m'magazi pa maola 19 alionse. Maola 19. Sungani nambala imeneyo, tiigwiritsa ntchito. Pamene ESR imatenga tsiku limodzi kapena awiri kuti iyambe kusuntha, ndipo kutsika kwake kumatenga masabata, chifukwa fibirinojeni imakhalitsa masiku angapo, ma antibodi ena mpaka masabata atatu.

Chabwino. Tsopano kayezedwe, chifukwa ESR zambiri zabodza zimabadwira pa benchi pomwepo, osati m'thupi la wodwala.

Njira yake ndi ya Westergren, yakale ndithu, ya m'ma 1921. Magazi magawo anayi, sodiyamu sitireti gawo limodzi. Anayi kwa limodzi. Ngati magazi abwera m'botolo la EDTA, muwasungunule chimodzimodzi musanawaike m'chubu, pokhapokha ngati makina anu ali ndi malangizo akeake. Sakanizani bwinobwino, potembenuza, osakhutchumula. Dzazani chubu mpaka pa 0, pamwamba paja, chubu chake chili ndi mizere mpaka mamilimita 200. Musalole thovu. Kathovu kamodzi pakati pa magazi, tayani, yambiraninso. Ndipo magazi asagone pa tebulo, muyeze pasanathe maola anayi, kuli bwino awiri, chifukwa akakhalitsa maselo amasintha maonekedwe, sasanjikizananso bwino, ESR nkutuluka yotsika mwabodza. Ngati anali m'firiji, adikireni afunde kaye.

Ndiye kuimika chubu. Apa ndichedwapo, mundipirire. Chubu chiime chilili, tsonga, osapendekeka ngakhale pang'ono. Kupendekeka kwa madigiri 3 okha kukhoza kukweza nambala ndi 30 peresenti. Madigiri 3 ndi maso simungawaone, ine sindingawaone. Chimachitika ndi chakuti chubu chikapendekeka, maselo amatsetsereka mbali ya m'munsi ya galasi, madzi a magazi nkumakwera mbali inayo popanda kulimbana nawo, ndiye zonse zimathamanga. Zinatichitikirapo mu labu ina imene ndinkagwirako, ESR za anthu onse zinkangotuluka zokwererapo, ngakhale za anthu ongobwera kudzapimitsa ali bwinobwino. Tinakayikira sitireti, tinakayikira machubu. Kumapeto tinapeza kuti choimikira machubu chija mwendo umodzi unali utatha, chinkatsamira mbali imodzi. Ndiye chizindikiro chake ndi chimenecho, mukaona kuti aliyense wakwera, musathamangire kunena kuti kwagwa matenda, yang'anani choimikira. Zoimikira zambiri zimakhala ndi kadontho ka mpweya kosonyeza ngati zakhazikika, kayang'aneni m'mawa uliwonse. Komanso tebulo limenelo pasakhale sentirifuji, kunjenjemera kwake kumasokoneza. Padzuwa ayi, pafupi ndi zenera lotentha ayi, kutentha kumakweza nambala.

Ola limodzi, mphindi 60 zenizeni. Tcherani alamu. Panali mnyamata wina, sinditchula dzina, ankakonda kuwerenga pa mphindi 30 nkuchulukitsa kawiri kuti aweruke msanga. Tinamuuza, sanamve. Koma maselo satsika liwiro limodzi ola lonse. Mphindi zoyambirira amakhala akusanjikizana, satsika kwenikweni, kenako amatsika mothamanga, kumapeto nkumapanikizana pansi. Ndiye kuchulukitsa kawiri kuja ndi kulosera, si kuyeza. Winanso amaiwala, nkudzawerenga patatha ola ndi theka, nkulembabe mm/hr. Ayi. Mwaiwala, yambiraninso.

Aa, ndisanaiwale, CRP nayo ili ndi msampha wake, ndi wa pa pepala. Ma labu ena amalemba mg/L, ena mg/dL. Kusiyana kwake ndi ka 10. CRP ya 8 mg/dL ndi 80 mg/L. Munthu woti wazolowera kuti pansi pa 5 kapena 10 mg/L ndi bwino, akaona 8 amangoti palibe kanthu, pamene wodwalayo ali pa 80. Werengani zilembo zimene zatsatana ndi nambala, nthawi zonse, ndipo potumiza zotsatira pafoni muzitchule.

Tibwerere ku funso lija. Tiyerekeze mayi wa zaka 60, wagonekedwa ndi chibayo. Tsiku loyamba CRP ili 180 mg/L, ESR ili 55. Choyamba, 55 imeneyi ndi yokwera bwanji kwa mayi ameneyu? Pali kawerengedwe kachidule. Kwa mwamuna, zaka zake gawani pawiri. Kwa mkazi, onjezani 10 pa zaka zake kenako gawani pawiri. Ndiye 60 kuphatikiza 10 ndi 70, theka lake 35. Malire ake ndi cha pa 35, osati 20 imene mwina inasindikizidwa pa fomu. Yakwera inde, koma osati moopsa.

Ayamba maantibayotiki. Tsiku lachiwiri CRP ikhoza kukhala 200, yakwerako. Musachite mantha, paja ndati imafika pachimake pa masiku awiri, ikungomalizitsa ulendo umene inauyamba kale. Tsiku lachisanu ndi chiwiri, CRP 20, thupi lasiya kutentha, mayi akudya, akupuma bwino. ESR 80. Yakwera! Apa ndi pamene anthu amalakwitsa, amati mankhwala sakugwira, tisinthe. Ayi, anzanga. ESR ikunena za fibirinojeni imene inapangidwa sabata yonse yapitayi ndipo ikadali m'magazi. CRP ikunena za dzulo ndi lero. Kuchoka pa 200 kufika pa 20 m'masiku asanu, werengani nokha ndi maola 19 aja, 100, 50, 25, amenewo ndi maola 57 okha choyambitsa chikatheratu, ndiye pa masiku asanu mukuona kuti zikugwirizana ndi matenda amene akugonja pang'onopang'ono. Zikanakhala kuti pa tsiku lachinayi kapena lachisanu CRP yaima pomwepo, kapena inatsika nkuyambanso kukwera, pamenepo mpofunika kudandaula. Mwina mankhwala sakugwirizana ndi kachilomboko, mwina mafinya asonkhana m'chifuwa.

Ndiye... eya, chinanso pa mayi yemweyo. Onani Hb yake, muyeso uja wosonyeza ngati magazi achepa. Ngati ili 8, ESR ikwera ndithu ngakhale popanda kutupa, chifukwa maselo akachepa amatsika momasuka. Musamawerenge ESR musanaone Hb. Ndibwereze, musamawerenge ESR musanaone Hb. Kuchepa kwa magazi kumaikweza, pathupi pamaikweza, ukalamba, matenda a impso. Mbali inayi, munthu wa sikoselo, maselo ake ndi opindika, sasanjikizana, ndiye ESR yake ikhoza kukhala yotsika iye akudwala kwambiri. Chimodzimodzi amene maselo ofiira amuchulukira. Zimenezi CRP siziikhudza kwenikweni, nchifukwa chake pa matenda obwera mwadzidzidzi, ndi pofuna kuona ngati mankhwala akugwira, ine ndimatsamira pa CRP.

Ndiye wina afunsa kuti nanga ESR tikuisungiranji? Ili ndi malo ake. Mayi uja akabwera patatha masabata asanu ndi limodzi, chibayo chinatha, CRP ili 3, koma ESR ili 110, imeneyo si mchira wa chibayo ayi. ESR yopitirira 100 nthawi zambiri imakhala ndi chifukwa chachikulu. CRP ili pansi, Hb ikutsika, msana ukuwawa, impso zikufooka, ganizirani za mayeloma, khansa ya m'mafupa ija imene imadzaza magazi ndi ma antibodi a mtundu umodzi. CRP ikhoza kukhala chete pamenepo, ESR ndi imene imafuula. Lupasi nayonso, matenda amene chitetezo cha thupi chimaukira thupi lomwelo, matendawa akabuka ESR imakwera koma CRP kawirikawiri imangosuntha pang'ono. Ndiye wodwala lupasi akabwera thupi likutentha, CRP ili 120, musangoti ndi lupasi yake ija. Funani kachilombo kaye, musanawonjezere mankhwala ofooketsa chitetezo.

Palinso nthawi imene CRP imatinamiza kuti kuli bata. Wodwala wabwera patangopita maola atatu chiyambire kudwala, CRP ili bwinobwino, sinakwere kaye, bwerezani mawa. Chiwindi chikafooka kwambiri sichingaipange mokwanira. Ndipo amene akulandira tosilizumabu, mankhwala otchinga IL-6, CRP yawo imakhala pansi ngakhale ali ndi matenda aakulu a bakiteriya. Funsani mankhwala amene munthu akumwa kapena kubayidwa.

Opareshoni, ndinatsala pang'ono kudumpha. Munthu akachitidwa opareshoni CRP imakwera yokha chifukwa cha bala, imafika pamwamba tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako iyenera kumatsika. Nambala ya tsiku lachiwiri payokha sikuuzani zambiri. Ikayambanso kukwera tsiku lachisanu, kaoneni balalo.

Ndipo zonse ziwirizi sizinena kuti kutupa kuli pati, kapena kwabwera ndi chiyani. CRP ya 60 ikhoza kukhala ya bakiteriya, ya nyamakazi, ya kupsa ndi moto, ya malungo. Inde, ikapitirira 100 timaganizira kwambiri bakiteriya, koma si chigamulo. Ndiye polemba fomu, chonde, lembani tsiku limene munthu anayamba kudwala, tsiku limene anayamba mankhwala, ndi ola limene mwatenga magazi. Ola, osati tsiku lokha. Amene muli pa benchi mawa, yambani mwaona choimikira machubu chija musanadzaze chubu choyamba.