Mbiri ya woyendetsa ntchito za m'dera mu pulopozo: lembani zomwe dona, wopereka ndalamayo, angafufuze

Amene akuwerenga pulopozo yanu yopempha ndalama sakukudziwani, ndipo patebulo pake pali mulu wa mapulopozo ena. Akafika pa ndime ya mbiri yanu, funso lake ndi limodzi: munthuyu tikampatsa ndalama, adzaziyendetsa bwanji? Ndimeyi ikhale ya mawu 120 mpaka 150, pokhapokha fomu yawo itanena zina, ndipo muilembe ngati mukunena za munthu wina.

Taonani chiganizo ichi.

"Mayiwa ndi akhama, okhulupirika, ndipo amakonda dera lawo ndi mtima wonse."

Mwina n'zoonadi. Koma dona aimbira ndani kuti atsimikize za khamalo? Tiyerekeze kuti mayiwa amagwira ntchito za madzi, ndiye tilembenso.

"Kuyambira 2019 akhala akugwira ntchito ndi makomiti a madzi m'midzi 9. Anathandiza makomitiwo kukonzetsa mijigo 14, ndipo atakaiyendera chaka chatha, 11 inali ikutulutsabe madzi."

Apa pali chaka, pali midzi, pali zinthu zoti munthu atha kupita kukaziwerenga. Imeneyo 11 musaibise ayi. Aliyense wodziwa za mijigo amadziwa kuti ina imafa, ndiye mukalemba kuti yonse ili bwinobwino, amayamba kukayikira ndime yonse. Onaninso mawu akuti "anathandiza makomitiwo". Ntchito ya gulu musaisandutse yanu nokha, chifukwa tsiku lomwe dona adzabwere kudzacheza ndi makomitiwo, adzamva zina.

Tsopano nkhani ya ndalama, yomwe ambiri amailumpha. Tchulani thandizo lalikulu lomwe munayendetsapo: linali la ndalama zingati, la miyezi ingati, ndipo lipoti munapereka pa nthawi yake kapena ayi. Ngati mabuku anu anaunikidwa ndi odita, nenani chaka chake. Nanga ngati mukupempha ndalama zochuluka kakhumi kuposa zomwe munagwirapo? Musayembekeze kuti saona. Fotokozani m'chiganizo chimodzi kuti akaunti ya kubanki ili m'dzina la bungwe, amasainira anthu awiri, ndipo mabuku amasunga ndi msungichuma, osati inuyo.

Za sukulu n'zachidule. Ngati mulibe digiri, musapeke. Satifiketi ya maphunziro a masabata awiri ingoitchulani momwe ilili.

Pomaliza ikani munthu mmodzi kapena awiri omwe angakuikireni umboni, monga wa bungwe lomwe linakupatsanipo thandizo, koma osati wachibale. Muwapemphe kaye, kuti foni ikalira asadzafunse kuti "ndani ameneyo?"

Musanatumize, yalani mbiriyi pambali pa sivi ndi bajeti. Ngati mbiri ikuti 2019 pomwe sivi ikuti 2021, kapena mbiri ikuti mudzagwira ntchitoyi sabata yonse pomwe bajeti ikukulipirani masiku awiri okha pasabata, konzani kuti zonse zinene chimodzi.