Kuyankha dandaulo la kasitomala lomwe mbali ina ndi loona, mbali ina ayi

[Pa sikirini: uthenga wa kasitomala]

"Mipando yanga yachedwa ndi sabata yathunthu. Palibe amene anandiuza kanthu. Komanso mwanditumizira yakuda pomwe ine ndinaitanitsa yofiirira. Ndibwezereni ndalama zanga zonse."

[Wofotokoza]

Uthenga wotere ukafika, mtima umafuna kuyankha pompopompo. Dikirani kaye. Tengani pepala, mulembe chilichonse chimene kasitomala wanena pamzere wakewake. Apa pali mfundo zitatu: katundu wachedwa ndi sabata, sanauzidwe, ndipo mtundu ndi wolakwika. Pempho ndi limodzi, kubweza ndalama. Mfundo iliyonse muifufuze payokha m'zolembedwa zanu: fomu ya oda, lisiti, mauthenga amene munatumiza, ndi pepala limene anasaina polandira katundu.

[Pa sikirini: zimene zolembedwa zikuonetsa]

Tiyerekeze kuti mwapeza izi. Oda ya mipando 12 inalowa pa 2 Juni. Munalonjeza kuti ifika pa 6, koma inafika pa 9. Ndiye kuti yachedwa ndi masiku atatu, osati asanu ndi awiri. Uthenga wodziwitsa za kuchedwako unapitadi pa nambala yake, koma unapita pa 7, tsiku lolonjezedwa litadutsa kale. Pa fomu ya oda palembedwa kuti yakuda.

[Wofotokoza]

Pa nkhani ya mtunduyi musathamange. Funsani kuti fomuyo anadzaza ndani. Ngati kasitomala anaitanitsa pafoni ndipo wantchito wanu ndiye analemba, fomuyo ikungoonetsa zimene wantchitoyo anamva, osati zimene kasitomala ananena. Umboni wotero ndi wofooka, ndipo mukauimika ngati chishango mudzachita manyazi. Koma ngati anadzaza yekha, kapena munamutumizira uthenga wotsimikizira oda womwe ukutchula mtundu iye n'kuvomera, pamenepo mwaima pabwino. M'chitsanzo chathuchi, anavomera uthenga wotero pa 2 Juni.

Tsopano sankhani zoti mukonze, chifukwa si chilichonse cholakwika chimene chiyenera kutsutsidwa. Muyeso wake ndi uwu: kodi mfundoyi ikusintha chimene tichite? Mtundu wa mipando ukusintha, popeza ndi umene pempho la ndalama latsamirapo. Koma zoti ndi sabata kapena masiku atatu sizisintha kanthu. Kuchedwa ndi kuchedwa basi. Apa simufunika kumuuza kuti wakokomeza. Ingolembani madeti enieni mkati mwa kupepesa kwanu, ndipo nambala yolondola ilowa m'nkhani popanda mkangano.

[Pa sikirini: yankho, ndime yoyamba]

"Bambo, zikomo potilembera. Tinalonjeza kuti mipando yanu ifika pa 6 Juni, koma inafika pa 9. Kulakwa kumeneku ndi kwathu ndipo tikupepesa. Uthenga wokudziwitsani tinautumiza pa 7, pomwe tinayenera kukuuzani tsikulo lisanakwane."

[Wofotokoza]

Taonani mmene yakhalira mfundo yachiwiri. Iye anati palibe amene anamuuza. Ife sitinanene kuti "si zoona, tinakuuzani". Tatchula tsiku limene uthenga unapita, n'kuvomera kuti unapita mochedwa. Choonadi chalembedwa, ndipo munthu sananyozeke. Mwina uthengawo sanauone n'komwe, ndipo inu simungatsimikize kuti anauwerenga. Chimene mukudziwa n'chakuti munautumiza. Lembani chokhacho chimene mukudziwa.

Kupepesa kubwere poyamba, ndipo kukhale kwa chinthu chenicheni. Mawu akuti "pepani ngati mwakhumudwa" amamveka ngati vuto ndi mtima wa kasitomala, osati ntchito yanu. Mawu akuti "pepani pa zonse zachitika" nawonso ndi msampha, chifukwa mwavomera ndi za mtundu zomwe, ndipo mawa adzakuonetsani uthenga wanu womwewo pofuna ndalama zake.

Chinanso, musalumikize kupepesa ndi kukonza pogwiritsa ntchito liwu lakuti "koma". Munthu akawerenga kuti "tikupepesa, koma", amaiwala zonse zimene zinali kumbuyo. Ikani mpumiro, yambani ndime ina.

[Pa sikirini: ndime yachiwiri]

"Pa nkhani ya mtundu, tayang'ananso oda yanu. Uthenga wotsimikizira wa pa 2 Juni ukusonyeza mipando 12 yakuda, ndipo tauphatikiza pano kuti muuone. Ngati pali uthenga wina umene munatitumizira wosintha mtundu, chonde tipatseni kuti tiuonenso."

[Wofotokoza]

Amene akulankhula m'ndime iyi ndi zolembedwa. Palibe "munasankha nokha", palibe "mukanawerenga bwino". Mawu amenewo akhoza kukhala oona, koma amaloza chala, ndipo munthu wolozedwa chala amateteza ulemu wake m'malo moyang'ana umboni. Chiganizo chomalizacho si ulemu wapakamwa chabe. Zimachitika kuti kasitomala anaimbadi foni kusintha oda, wolandira foniyo n'kuiwala kulemba. Mukasiya khomo lotsegula, simudzafunika kumeza mawu anu.

Umboni ukhale umodzi, wamphamvu. Ena amaphatikiza zithunzi zisanu za mauthenga ndi ndime za malamulo a kampani. Zikatero yankho limaoneka ngati mlandu wa kukhoti, ndipo kasitomala nayenso amayamba kusonkhanitsa zake.

[Pa sikirini: ndime yachitatu]

"Chifukwa cha kuchedwa, tikubwezerani ndalama ya mayendedwe pofika Lachisanu. Ndalama ya mipando sitingabweze, popeza yafika monga momwe oda inalili. Ngati mukufuna yofiirira, tikhoza kusintha mkati mwa masiku 14 malinga isanagwiritsidwe ntchito, ndipo mayendedwe a kusinthako mudzalipira ndinu. Tiuzeni chimene mwasankha."

[Wofotokoza]

Chimene mukupereka chifanane ndi kulakwa kwanu. Munachedwetsa katundu, ndiye mukubweza ya mayendedwe. Chimene mukukana chinenedwe poyera, kamodzi, ndi chifukwa chake. Osalemba kuti "tiona zimene tingachite" pomwe mukudziwa kuti yankho ndi ayi. Kumeneko n'kungosungira mkwiyo sabata yamawa. Musanatumize, tsimikizani zinthu ziwiri: kuti muli ndi chilolezo cholonjeza zimene mwalembazo, komanso kuti kukanako sikukusemphana ndi malamulo oteteza ogula kumene mukugwirira ntchito, chifukwa m'mayiko ena wogula katundu pa intaneti ali ndi ufulu womubweza mkati mwa masiku angapo ngakhale alibe vuto.

Nanga ngati dandaulo lalembedwa pagulu, pomwe aliyense akuwerenga? Yankho likhale lalifupi. Vomerani kuchedwa, nenani m'chiganizo chimodzi kuti oda imene muli nayo ikusonyeza mtundu umene unatumizidwa, kenako mupempheni kuti mukambirane panokha. Chithunzi cha oda musachiike pamenepo, chifukwa chili ndi dzina, nambala ya foni ndi adiresi yake.

Akayankhanso mokwiya popanda umboni watsopano, musabwereze mfundo zomwezo ndi mawu owonjezera. Muimbireni foni, mumulole alankhule mpaka amalize, kenako mubwereze njira ziwiri zija: kusunga yakuda kapena kusintha. Mukatha kulankhulana, mutumizireni uthenga wa mizere itatu wonena zimene mwagwirizana, amene achite mbali iliyonse, ndi tsiku lake.