Tiyi wa kuno si tiyi wa kwathu: mawu obwereka amene amatipusitsa

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, ndi inu ana anga amene mwangofika kumene kuno ku Mangalande, ndayima pano chifukwa ndakhala zaka zambiri ndikusamalira okalamba kumpoto kwa dziko lino, osati chifukwa choti Chingerezi ndimachidziwa kuposa inu. Ambiri a inu munapita patali ndi sukulu kundiposa. Koma mawu amene anandigwetsa ine sanali ovuta aja a m'mabuku. Mawu achilendo ukawamva umadziwa kuti sukuwadziwa, ndiye umafunsa. Oopsa ndi amene tinabwereka ku Chingerezi kalekale, n'kuwalera kwathu mpaka anasintha khalidwe. Ukawamva kuno umagwedeza mutu kuti wamva, pamene mwini chinenero akunena zina.

Ndiyambe ndi tiyi, popeza ndi amene anatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito.

Kwathu munthu akafunsa kuti "mwamwa tiyi?" akufunsa za chakudya cha m'mawa. Kapu, mbatata kapena chinangwa pambali, mwina sikono. Kuno kumpoto, makamaka kwa anthu achikulire, mawu omwewo amatanthauzanso chakudya chenicheni cha madzulo, chodya cha m'ma 5 koloko, chophika, cha pa mbale. Ndipo dina, amene kusukulu anatiphunzitsa kuti ndi wa usiku, kwa iwo ndi wa masana.

Sabata yanga yoyamba, pa nyumba ina ya okalamba imene sinditchula, nesi anandiuza kuti agogo aakazi a m'chipinda cha kumapeto sapita kodyera lero, ndiwapititsire tiyi wawo kuchipinda. Ine ndinachita ndendende zimene ndinamva. Ndinatereka madzi, ndinathira mkaka, kabisiketi kamodzi pambali, n'kupereka ndi manja awiri monga anandilerera amayi anga. Pa kachipangizo kolembapo zimene wodwala wadya panali mzere wolembedwa `Tea`, ndiye ndinachonga kuti aperekedwa. Onani mmene cholakwa chinabisalira. Nesi akayang'ana akuona kuti agogo adya. Ine ndikayang'ana ndikuona kuti ndagwira ntchito yanga. Palibe ananama.

Koma agogo aja anali ndi matenda a shuga, ndipo nesi anali atawabaya insulini wa mtundu umene umaperekedwa munthu akatsala pang'ono kudya. Mankhwala amenewo amatsitsa shuga wa m'magazi poyembekezera kuti chakudya chikubwera. Chakudya chikapanda kubwera, shuga amangotsikabe. Patapita ola ndi kanthawi ndinawapeza akutuluka thukuta, manja akunjenjemera, akulankhula zosagwirizana. Nesi atayeza anapeza kuti shuga watsika pansi pa 4, ndipo kuno akatsika pansi pa 4 amati wafika poopsa. Anawamwetsa madzi a zipatso otsekemera, n'kuyezanso patatha mphindi 15, kenako n'kuwapatsa chakudya chawo, chimene nthawi yonseyi chinali chovundikira kukhichini. Anachira usiku womwewo. Ine ndi amene sindinagone.

Mawa lake atandiyitana kuti ndifotokoze, ndinazindikira pamene ndinaphonya. Chizindikiro chinalipo. Nesi ananena kuti "tiyi wawo", ngati chinthu chokonzedwa kale chimene chili ndi mwini wake, sananene kuti kapu ya tiyi. Anthu a kuno akafuna chakumwa amatchula kapu. Ndiponso nthawi inali yoti anthu onse akudya, fungo la mbatatesi lili m'nyumba monse. Koma khutu langa litangomva mawu a kwathu linatseka, silinafunenso umboni wina.

Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi chizolowezi chimodzi. Munthu akandituma ndi mawu amene akumveka ngati a kwathu, ndimabwereza zimene wanena koma ndi mawu ena. Ndikanangofunsa kuti "mukutanthauza chakumwa kapena chakudya?" nkhani yonse ikanathera pomwepo. Kubwereza mawu omwewo sikuthandiza, chifukwa nonse mugwirizana pa kamvekedwe, tanthauzo muli kosiyana.

Popeza tili kale kuchipatala, tikhale komweko pang'ono. Ife timati "ndili ndi shuga", "ndili ndi bipi", ndipo aliyense amamva kuti munthu akudwala. Mukazitembenuza mawu ndi mawu pamaso pa dokotala wa kuno, mwamuuza kuti muli ndi chothira mu tiyi. Ena amene anazolowera odwala ochokera kwathu kapena ku Karibiyani amamva, koma musadalire zimenezo. Pa fomu ya pa foni imene mumadzaza polembetsa kuchipatala mupeza mawu akuti `diabetes`, ndiwo shuga wathu uja. Bipi ndiye aliyense wamoyo ali naye, pakuti ndi mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha basi. Ife tinawafupikitsa mawuwo kuti azitanthauza wokwera yekha. Ndiye muyenera kunena kuti ndi wokwera, ndipo ngati mukumwa mapilitsi, tengani bokosi lake mukaonetse.

Dokotala naye anatambasuka atafika kwathu. Kumudzi aliyense wovala zoyera pa chipatala chaching'ono timamutcha adokotala, ngakhale mlangizi wa zaumoyo wa pasikelo. Ndi ulemu, ndipo palibe cholakwika. Kuno mukanena kuti "dokotala anati ndisiye mankhwalawa" pamene ananena ndi wothandizira, alemba m'buku kuti dokotala weniweni analamula, ndipo wina adzayankha mlandu wa mawu amene sananene.

Tsopano tituluke panja. Ndani pano anafunsapo njira ya ku depoti? Musachite manyazi, ndaona manja awiri. Kwathu depoti ndi pokwerera basi, monga pa Wenela ku Blantyre. Kuno mawu amene tinabwerekako aja amatanthauza kumene mabasi amagona ndi kukonzedwa, kuseri kwa tauni, kopanda wokwera ndi mmodzi yemwe. Munthu wachifundo akulozerani komweko, mukapeza geti ndi amakaniko. Pa mapu a pa foni lembani `bus station`. Siteji ndi chimodzimodzi: kwa iwo ndi nsanja yochitirapo zisudzo.

Loboti ndiye mawu amene ndimawakonda, chifukwa anayenda ulendo wautali kuposa wathu. Anachokera ku chinenero cha anthu a ku Cheki, kumene anayamba kumveka m'sewero la m'chaka cha 1920, kutanthauza chinthu chopangidwa kuti chizigwira ntchito ngati munthu. Ku Joni anawapatsa magetsi a pamsewu, poti analowa m'malo mwa wapolisi woimitsa magalimoto, ndipo kuchokera kumeneko anafalikira ku Zimbabwe, ku Zambia ndi kwathu. Choncho amene munakhalako ku Joni mundichitira umboni kuti kumeneko ngakhale azungu amati loboti. Si Chingerezi cholakwika ayi, ndi Chingerezi cha kumwera kwa Afirika. Koma woyendetsa takisi wa ku Leeds mukamuuza kuti akhote pa loboti, ayamba kufunafuna chidole chachitsulo. Apa pali phunziro lake: mawu ena obwerekawa sanachokere ku Mangalande mwachindunji, anadzera kumigodi ndi agogo athu. Ena si a Chingerezi n'komwe. Buluku ndi wa Chibunu, ndiye musavutike kumutchula mwachizungu m'sitolo, palibe akumveni.

Limodzi ili ndikupemphani kuti musaiwale, makamaka inu anyamata. Kwathu mayunitsi akatha timati "ndikufulashani", kuyimba kamodzi n'kudula kuti mnzako aone nambala. Mawu amenewo ukamuuza munthu wa kuno, makamaka wamkazi, angamve kuti ukufuna kumuvulira zovala n'kumuonetsa maliseche mwadzidzidzi, umene ndi mlandu wa kupolisi. Mukuseka, koma taganizani kuti mwanena zimenezo kwa mnzanu wa kuntchito tsiku loyamba, muli kumwetulira. Gwiritsani ntchito mawu amene foni yanu imalemba, `missed call`, munene kuti mumusiyira imeneyo.

Kubowa sikungakufikitseni kupolisi, koma kumadanitsa. Ife tikati "akundibowa" ndiye kuti munthu akutikwiyitsa, akutisowetsa mtendere. Kumene mawuwo anachokera amanena munthu wosasangalatsa, wogonetsa tulo. Ndiye ukakadandaula kwa bwana kuti mnzako amakubowa, iwe ukunena kuti amakuvutitsa, bwana akumva kuti sakusangalatsa mokwanira. Dandaulo lenileni limafera pomwepo, wooneka wachibwana n'kukhala iwe.

Eya, amayi, mwakweza mkono kumbuyoko.

"Ine funso langa ndi la abale. Mwana wa achemwali anga ndi mwana wanga, nanga pa mafomu ndilembe chiyani? Komanso ana athu amatchula aliyense kuti ankolo."

Mwafunsa bwino, mayi. Ankolo ndi anti ndi mawu obwereka amene tinawatambasula zedi. Mnzawo wa bambo ndi ankolo, woyandikana naye nyumba ndi ankolo, wogulitsa makala ndi ankolo. M'Chingerezi cha pa fomu ankolo ndi mchimwene wa mayi kapena wa bambo, kapena mwamuna wa anti, basi. Ndipo taonani, mawu amodzi amenewo amaphatikiza anthu awiri amene ife timawasiyanitsa: malume, ndi bambo aang'ono kapena aakulu. Ndiye pali mbali imene ife tinawatambasula, palinso mbali imene Chingerezicho n'chimene chimasakaniza. Mwana akauza aphunzitsi kuti ankolo adzamutenga, sukulu imayembekezera wachibale amene dzina lake munalembetsa, ndipo akabwera munthu wina sapereka mwanayo. Lembetsani dzina lenileni la munthuyo, ndipo ngati ndi mnzanu chabe nenani kuti ndi mnzanu wa pabanja.

Za mwana wa achemwali anuyo, pakhomo mupitirize kumutcha mwana wanu, ndi wanudi. Koma pa fomu ya boma, kaya ya viza, mzere wa mwana umafuna amene munabereka kapena amene munamutenga mwalamulo, mapepala alipo. Iwo akayerekeza ndi chikalata chake chobadwira n'kupeza dzina la mayi wina, saganiza za mwambo wathu, amaganiza kuti mwanama. Lembani kuti ndi mwana wa mchemwali wanu, ndipo ngati pali malo ofotokozera, fotokozani kuti mumamulera ndinu kuyambira liti. Mukabwera ndi fomuyo sabata yamawa tidzaiona limodzi mzere ndi mzere.