Kulemba ndime ya zofooka za kafukufuku: kusiyanitsa vuto la kapangidwe ndi cholakwika cha poyeza

Muvidiyoyi tikambirana za ndime imene imakhala chakumapeto kwa lipoti la kafukufuku, pamene wolemba amafotokoza zofooka za ntchito yake. Olemba ambiri amangondandalika mavuto onse pamodzi, kuti anthu anali ochepa, nthawi inali yochepa, chipangizo chinavuta ndiponso kafukufuku anachitikira pamalo amodzi, ngati kuti zonsezi n'zolemera mofanana. Wowerenga amafuna kudziwa zinthu ziwiri zosiyana: kodi nambala imene mwapeza ndi yolondola, ndipo ngati ndi yolondola, kodi ikuyankha funso limene munafunsa? Zolakwika za poyeza zimakhudza funso loyambalo, pamene zofooka za kapangidwe ka kafukufuku zimakhudza lachiwirilo.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi chongoyerekeza, ndipo manambala ake onse ndi ongophunzirirapo. Tiyerekeze kuti ofufuza akufuna kudziwa ngati kugona maola ochepa kumakweza kuthamanga kwa magazi. Atenga anthu akuluakulu 300 amene anabwera pachipatala chimodzi, aliyense amufunsa kuti amagona maola angati usiku, kenako amuyeza kamodzi tsiku lomwelo. Anthu 100 anena kuti amagona maola osakwana 6, ndipo 200 anena kuti amagona maola 6 kapena kuposerapo. Powerengetsa, nambala yapamwamba ya kuthamanga kwa magazi ya gulu logona pang'ono yapezeka kuti ndi yokwera ndi 6 mmHg, umene ndi muyezo wa kuthamanga kwa magazi, poyerekeza ndi ya gulu linalo, titatenga avereji ya gulu lililonse.

Ofufuzawa akudziwa kuti pali zinthu zingapo zimene sizinayende bwino. Munthu aliyense anaonedwa tsiku limodzi lokha. Onse anali anthu obwera kuchipatala. Palibe amene anafunsidwa ngati amagwira ntchito usiku. Maola ogona anangochokera m'zimene munthu akukumbukira. Komanso m'masabata awiri oyambirira lamba wamkulu wokulunga pamkono poyeza kuthamanga kwa magazi kunalibe, moti anthu 40 a mikono ikuluikulu anayezedwa ndi lamba wowachepera.

Njira yosankhulira mavutowa ndi kufunsa funso limodzi pa vuto lililonse: kukanakhala kuti zonse zimene tinayeza zinayezedwa molondola kotheratu, kodi vutoli likanakhalapobe? Likanakhalapobe, ndiye kuti ndi la kapangidwe. Likanatha, ndiye kuti ndi la poyeza.

Tiyambe ndi nkhani yoona anthu tsiku limodzi. Ngakhale titakhala ndi chipangizo chosalakwitsa ndiponso maola enieni amene aliyense amagona, sitingadziwebe chimene chinayamba pakati pa ziwirizi. N'kutheka kuti kusagona kunakweza kuthamanga kwa magazi, koma n'kuthekanso kuti munthu amene ali kale ndi vuto lothamanga magazi akumwa mankhwala okodzetsa, ndipo amadzukadzuka usiku n'kumagona maola ochepa. Nambala ya 6 mmHg ikhoza kukhala yoona m'njira zonse ziwiri. Vuto loona anthu tsiku limodzili ndi la kapangidwe, ndipo silingathe ngakhale anthu atakhala 3,000 m'malo mwa 300, chifukwa kuchulukitsa anthu kumangochepetsa kusinthasintha kobwera mwamwayi, osati kusonyeza chimene chinatsogola. N'chimodzimodzinso ndi kutenga anthu pachipatala chimodzi: amene amabwera kuchipatala amasiyana ndi amene sabwera, ndipo kuwayeza bwino sikuwasandutsa oimira anthu onse.

Nkhani ya ntchito ya usiku imasokoneza olemba ena, chifukwa imaoneka ngati kuiwala chabe. Komabe funso lathu likutiuza kuti ili m'gulu la kapangidwe. Ntchito ya usiku ingachepetse maola ogona, ndipo ingakhudzenso kuthamanga kwa magazi kudzera m'njira zina monga kadyedwe, kotero kuti kusiyana kumene tikukuona kungakhale kochokera ku ntchitoyo osati ku tulo. Palibe nambala imene inalembedwa molakwika apa. Chimene chikusowa ndi funso lathunthu limene linayenera kukhala m'dongosolo la kafukufuku kuyambira pachiyambi.

Tsopano tifike pa lamba uja, ndipo apa ndi pamene tikhalitsepo, chifukwa cholakwika cha poyeza chili ndi ubwino umodzi umene vuto la kapangidwe kawirikawiri silikhala nawo: mungathe kunena mbali imene chinakankhira zotsatira, ndipo nthawi zina mungayerekezenso kukula kwake. Zimadziwika kuti lamba wochepa pamkono waukulu amapereka nambala yokwera kuposa yeniyeni. Koma kungonena kuti anthu 40 anayezedwa molakwika sikukwanira, chifukwa chimene tikufuna si avereji ya anthu onse, koma kusiyana kwa magulu awiri. Choncho funso lofunika ndi lakuti anthu 40 amenewa anagwera m'gulu liti.

(Pa sikirini paoneke magulu awiri: la anthu 100 ndi la anthu 200.)

Tiyerekeze kuti lambayo ankawonjezera 10 mmHg pa munthu aliyense wa anthu 40 aja, ndipo 30 mwa iwo ali m'gulu logona pang'ono, pamene 10 ali m'gulu linalo. M'gulu loyamba, anthu 30 mwa 100 awonjezeredwa 10, choncho avereji ya gulu yakwera ndi 3. M'gulu lachiwiri, anthu 10 mwa 200 awonjezeredwa 10, ndipo avereji yakwera ndi 0.5 basi. Ndiye kuti lamba yekha wabweretsa kusiyana kwa 2.5, ndipo pa 6 mmHg amene tinapeza patsala 3.5. Anthu 40 aja akanagawanika mogwirizana ndi kukula kwa magulu, mwachitsanzo 13 ndi 27, maavereji onse awiri akanakwera pafupifupi mofanana, ndipo kusiyana kwa 6 sikukanasintha kwenikweni. Cholakwika n'chimodzi, koma kulemera kwake kukudalira mmene chagwera m'magulu, ndipo zimenezi mungazione potsegula mabuku a tsiku ndi tsiku a kafukufuku n'kuwerenga amene anayezedwa m'masabata awiriwo.

Pali njira inanso yoyesera, imene ndi kubwereza kuwerengetsa mutachotsa anthu 40 aja n'kuona ngati zotsatira zasintha. Njirayi ndi yabwino, koma muyenera kuifotokoza mosamala, popeza pochotsa anthuwa mwachotsa makamaka anthu onenepa, ndipo gulu lotsalalo silikufanananso ndendende ndi loyamba lija.

Maola ogona amene munthu akungokumbukira ali pamalire. Atayezedwa molondola, vutoli likanatha, choncho ndi la poyeza. Komabe si ngozi ngati ya lamba, chifukwa ofufuza anasankha okha kufunsa m'malo mogwiritsa ntchito kachipangizo kovala pamkono kolemba tulo. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuliika m'gulu la poyeza, koma n'kulitchula kuti ndi malire a njira yoyezera imene inasankhidwa, osati kulakwitsa kwa amene ankayeza. Mbali imene limakankhira zotsatira imasiyananso ndi ya lamba. Ngati anthu amalakwitsa pokumbukira mosatengera kuti kuthamanga kwa magazi awo n'kotani, ena ogona pang'ono amalowa m'gulu la ogona mokwanira ndipo ena amapita kwinako, magulu awiriwo amayamba kufanana, ndipo kusiyana kumene tikuona nthawi zambiri kumachepa kuposa kwenikweni. Koma ngati amene akudziwa kale kuti ali ndi vuto lothamanga magazi amakonda kudandaula za tulo kuposa anzawo, kusiyanako kungakule m'malo mochepa. Kuyeza kamodzi kokha kuthamanga kwa magazi, kumbali yake, kumangowonjezera kumwazikana kwa manambala m'magulu onse awiri, kotero kumachepetsa kutsimikizika kwa yankho popanda kulikokera mbali imodzi.

Malangizo a STROBE, amene anatuluka mu 2007 pofuna kuthandiza olemba malipoti a kafukufuku wongoona zochitika popanda kuyesa chithandizo, amapempha zomwezi pa mfundo yake ya nambala 19: kuti wolemba afotokoze zofooka, ndipo anene mbali ndi kukula kwa kukondera kulikonse kumene kungakhalepo.

Polemba ndimeyo, yambani ndi za kapangidwe, chifukwa ndi zimene zimaika malire pa mawu amene mungagwiritse ntchito pofotokoza zotsatira. Kenako ikani chiganizo chosonyeza kuti mwasintha gulu, ndipo pa cholakwika chilichonse cha poyeza nenani amene chinawakhudza, mbali imene chinakankhira, ndi zimene munachita pochiyesa. Ndime ya kafukufuku wathu ingamveke motere.

(Mawu a ndimeyi aoneke pa sikirini pamene akuwerengedwa.)

"Kapangidwe ka kafukufukuyu kali ndi zofooka zitatu zimene zikanakhalapo ngakhale zonse zikanayezedwa molondola. Popeza tulo ndi kuthamanga kwa magazi zinaonedwa tsiku limodzi, sitinganene kuti n'chiti chinayambitsa chinzake. Anthu onse anachokera pachipatala chimodzi, choncho zotsatirazi siziyenera kutengedwa ngati zoimira anthu amene sabwera kuchipatala. Sitinafunse za ntchito ya usiku, imene ingakhudze zinthu zonse ziwiri ndipo ingakhale itakulitsa kusiyana kumene tapeza. Kupatula zimenezi, panali mavuto a poyeza amene akukhudza kukula kwa nambala yathu. Anthu 40 mwa 300 anayezedwa ndi lamba wowachepera, ndipo 30 mwa iwo anali m'gulu logona pang'ono. Ngati lambayo ankawonjezera 10 mmHg, kusiyana kwa 6 mmHg kungatsike kufika pa 3.5 mmHg. Maola ogona anachokera m'zonena za anthu eni ake, ndipo ngati kulakwitsa pokumbukira sikunadalire kuthamanga kwa magazi, kusiyana kwenikweni kungakhale kokulirapo kuposa kumene tapeza."

Taonani kuti mavuto awiri a poyezawa akukokera mbali zosiyana, lina mmwamba ndipo lina mmunsi. Musalembe kuti akufafanizana, chifukwa kukula kwa lachiwirilo simunakuwerengetse. Taonaninso kuti palibe pamene tanena kuti lamba ndiye chifukwa chimene sitingadziwire choyambitsa. Kusakaniza kumeneku n'kumene kumasocheretsa kwambiri, popeza wowerenga amaganiza kuti kubwereza kafukufuku yemweyu ndi zipangizo zabwino kungathetse nkhani yonse. Kubwereza ndi malamba a saizi zoyenera kungapereke nambala yodalirika kuposa 6 mmHg, koma kuti tidziwe ngati kusagona kumatsogola pangafunike kafukufuku wa mtundu wina, wotsatira kwa zaka zingapo anthu amene poyamba analibe vuto lothamanga magazi.

Mukamaliza kulemba, bwererani ku chidule cha lipoti ndi ku ndime yomaliza, n'kuona mneni amene mwagwiritsa ntchito. Ngati ndime ya zofooka ikuvomereza kuti anthu anaonedwa tsiku limodzi, chidule sichinganene kuti kugona pang'ono "kumakweza" kuthamanga kwa magazi, koma chinganene kuti ziwirizi "zinapezeka zikuyendera limodzi" mwa anthu amene anafufuzidwa. Ndipo ngati mwawerengetsa kuti lamba angatsitse 6 kufika pa 3.5, nambala yachiwiriyo iyenera kuonekanso m'gawo la zotsatira, pafupi ndi yoyambayo.