Yezani kaye bondo la amayi musanagule galimoto

[Pabwalo la nyumba ku Ntcheu, m'mawa. Pikapu ndi saluni zaima moyandikana. Wolankhula ali ndi tepi yoyezera m'manja.]

Mwadzuka bwanji nonse. Tepi ili m'manja mwangayi ndi ya atelala, yomwe amayezera nsalu. Ndikufuna ndikuonetseni mmene ingakuthandizireni kusankha galimoto yonyamula makolo okalamba, kapena m'bale amene miyendo imamuvuta.

Ndiyambe ndi zomwe zinachitika pakhomo pano. Achimwene anga atagula pikapu iyi ya zitseko zinayi, tonse tinati basi, vuto la amayi latha, azipita kuchipatala ndi kutchalitchi mosavutika. Sipanathe miyezi iwiri, amayi anayamba kukana maulendo. Tikawaitana ankangoti, "Pitani ana anga, ine ndatopa." Tinkaganiza kuti ndi ukalamba. Tsiku lina ndinaima pambali n'kumaona mmene akukwerera. Anagwira chitseko ndi dzanja limodzi, lina anakwinya chitenje, phazi n'kumafufuza popondera, mdzukulu wawo akuwakankha kumbuyo anthu akuona. Munthu wamkulu sanena kuti zikundichititsa manyazi. Amangoti ndatopa.

[Kamera iyandikire miyendo ya amayi ataimirira, ndodo ili kudzanja lamanja.]

Ndiye poyambira ndi pa munthuyo. Aimirire pamalo osalala atavala nsapato zomwe amayendera. Yezani kawiri. Koyamba kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo. Kachiwiri kuchokera pansi kufika pamwamba pa ntchafu, pomwe munthu amakhalira. Amayi ndi aafupi, masentimita 155. Kuseri kwa bondo ndinapeza 42, pamwamba pa ntchafu 69.

Mpando wabwino umakhala pakati pa manambala awiriwo, koma chakumtunda, kuyambira pakati pa ntchafu kukwera. Kwa amayi ndi 55 mpaka 65. Chifukwa chake n'chosavuta. Mpando ukatsika kuyandikira bondo, pokhala munthu amagwera pansi ngati wakhala pa mtondo wogubuduza, ndipo podzuka mawondo okha ndi amene amanyamula thupi lonse. Kwa munthu wa nyamakazi, ululu umakhala pamenepo. Mpando ukakwera kupitirira ntchafu, sangathe kungokhala, ayenera kukwera, kutanthauza kuti kwa kanthawi thupi lonse laima pa mwendo umodzi. Anthu ambiri amagwa pa kanthawi kameneko.

[Wolankhula ayeze pikapu, kenako saluni.]

Taonani. Pikapu, kuchokera pansi kufika pamwamba pa mpando, 84. Yapitirira ndi masentimita pafupifupi 20. Saluni iyi, 50. Koma dikirani, ndikhalepo. Mwaona mmene walowera? Mpando wa galimoto yakale umabonyera munthu akaukhalira, ndiye 50 uja wasanduka 46. Muziyeza munthu atakhalapo, apo ayi tepi ikunamizani.

Anthu ambiri amaganiza kuti galimoto yaifupi ndiye yabwino kwa okalamba. Polowa zimaoneka choncho. Dikirani potsika, mutayenda kuchokera kuno mpaka ku Lilongwe, mawondo atauma. Ndipo ngati mumakhala ku Dedza, ku Bembeke kapena ku Lizulu, mukudziwa mmene mafupa amachitira m'mawa wa mu Juni ndi Julayi.

[Kamera itsike m'munsi mwa khomo la saluni.]

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa ogulitsa sakuuzani. M'munsi mwa khomo muli chitsulo ichi, chomwe phazi liyenera kudumpha. Chiyezeni katatu: kutalika kwake kuchokera pansi panja, kutalika kwake kuchokera pomwe mapazi amaponda m'kati, ndi kufutukuka kwake. Mu saluni mapazi amakhala ngati ali m'beseni. Apa ndapeza masentimita 13 kuchokera pansi pa m'kati kufika pamwamba pa chitsulochi. Kwa inu ndi ine si kanthu. Kwa munthu amene mwendo wake unafooka ndi sitiroko, ayenera kuunyamula ndi manja kuti autulutse. Chitsulocho chikakhalanso chofutukuka, phazi likafika pansi limatera kutali ndi thupi, ndipo sungaimirire phazi lili kutali. Yesani nokha pa mpando wa m'nyumba: tambasulani miyendo patsogolo, kenako dzukani osagwira kanthu.

Palinso chitenje. Mayi wovala chitenje sangatakule mwendo m'mwamba kapena kutangadza ngati wovala thalauza. Amene anapanga galimotoyi ku Japan sankaganiza za chitenje, ndiye poyesa galimoto amayi avale momwe amavalira popita ku Mvano.

[Amayi aonetse kalowedwe pang'onopang'ono.]

Kalowedwe koyenera ndi aka. Amayi, tafikani. Afulatire mpando mpaka kuseri kwa miyendo kukhudze galimoto, akhale kaye, kenako alowetse miyendo umodziumodzi akutembenuka. Osayamba ndi kulowetsa mwendo umodzi wina uli panja. Pamene akukhala, yang'anani mutu. Ngati akupinda khosi kwambiri kuti asagunde denga, khomolo ndi lalifupi. Yezani kuchokera pamwamba pa mpando kufika m'mphepete mwa denga, n'kuyerekeza ndi kutalika kwawo atakhala, kuchokera pa mpando kufika pamutu, duku lomwe. Magalimoto amene galasi lakutsogolo linagona kwambiri amapana mutu pampando wakutsogolo.

Musanayambe, bwezani mpando wakutsogolo kumbuyo mpaka pothera, kuti mawondo apeze malo otembenukira. Ndipo onani mpandowo. Wokhala ndi mapiko okwera m'mbali umagwira bwino mnyamata pa makona a Khwekhwerere, koma agogo ayenera kudumphanso phikolo potuluka. Wafulati ndiye wabwino.

[Kamera ikhale pa chogwirira cha pamwamba pa khomo.]

Za chogwirira. Kwathu kuno timayenda kumanzere kwa msewu, chiwongolero chili kumanja, ndiye wokwera kutsogolo amatsikira kumanzere, mbali yopanda magalimoto. N'zabwino. Koma chogwirira chakenso chili kumanzere. Ngati sitiroko inafooketsa dzanja lamanzere, chogwirira chimenecho sichiwathandiza. Mpando wakumbuyo kumanja uli ndi chogwirira cha dzanja lamanja, koma amatsikira mumsewu. Pa M1, pa Tsangano kapena pa Lizulu tsiku la msika, musayerekeze. Lowani kaye pamalo oti mbali zonse ziwiri n'zotetezeka. Ndipo chitseko si chogwirira. Chimayenda, chimapana zala.

[Sienta ilowe pabwalo. Wolankhula atsegule chitseko chokoka.]

Iyi ndi yomwe tinamaliza nayo, Toyota Sienta, yomwe mumaiona tsiku lililonse ikunyamula anthu pamsewu wa Ntcheu ndi Balaka. Inayamba kupangidwa mu 2003. Mpando wapakati ndapeza 61 amayi atakhalapo, pafupifupi pakati pa muyezo wawo. Pansi pa m'kati ndi pafulati, palibe beseni lija. Chitseko n'chokoka, ndiye ine wowathandiza ndimatha kuima pafupi nawo, chitseko osanditchinga, ngakhale pamalo opanikizika ngati pa chipatala.

Pali inanso, Toyota Porte, yomwe inatuluka mu 2004. Kumanzere ili ndi chitseko chimodzi chachikulu chokoka, ndipo popondera pake ndi masentimita 30 okha kuchokera pansi. Kwa munthu woyenda ndi ndodo ziwiri, khomo lalikulu chotero limathandiza kwambiri. Mukamayang'ana magalimoto ochokera ku Japan mupezanso ena olembedwa Welcab. Amenewo Toyota inawapangira anthu ovutika kuyenda, ena mpando wake umatembenukira kukhomo, ena umatuluka n'kutsika ndi magetsi. Ndi abwino, koma funsani kaye makaniko wanu ngati angaukonze mpandowo, chifukwa ukaima uli panja chitseko sichitsekeka. Maganizo anga, ngati munthu amatha kuimirira yekha, wotembenuza ndi manja ndi wokwanira.

Chitseko chokoka chamagetsi nachonso chimadana ndi fumbi. Pogula, tsegulani n'kutseka kasanu. Chikamakhuluza, kuima panjira kapena kubwerera chokha, timatayala ta m'njanji yake kapena chingwe chatha. Zimitsaninso magetsi a chitsekocho muone ngati chikukokeka ndi dzanja.

[Wolankhula agwade, aloze kunsi kwa Sienta.]

Tsopano vuto lake, poti ndikabisa ndakulakwirani. Chomwe chimachititsa kuti amayi alowe mosavuta n'chomwenso chimaigwetsa m'mavuto kumudzi. Kunsi kwake ndi pafupi ndi nthaka, apa ndapeza pafupifupi masentimita 15, ndipo mukadzaza anthu ndi matumba a mbatata imatsikirabe. Ngati makolo anu ali kumapiri, kutali ndi tala, mu Januwale ikhula kunsi kapena kutitimira. Ena amaikweza kwa amakaniko. Dziwani kuti masentimita atatu amene mwakweza kunsi mwakwezanso popondera ndi mpando, ndiye tengani tepi muyezenso.

Msewu ukakhala woti popanda galimoto yaitali simufika, yang'anani zapakatikati monga RAV4 kapena X-Trail, osati pikapu, n'kuyeza chimodzimodzi. Ngati pikapu ilipo kale ndipo ndalama yosinthira palibe, pitani kwa kalipentala akukhomereni kachopondera ka matabwa olimba, kotalika masentimita 15, kofutukuka koti mapazi onse awiri akwanepo ndi kutembenukirapo, kunsi akhomeko labala wa tayala. Osati njerwa, osati kireti ya zakumwa. Ndipo mpando wotsika musaukweze ndi mapilo ofewa, chifukwa mabuleki adzidzidzi munthu amatsetsereka kunsi kwa lamba.

Ngati pali njinga ya olumala, pitani nayo kokagula, muipinde n'kuikweza kubuti nokha, inuyo amene muzidzainyamula.

Amene mukuitanitsa pa intaneti simungayese galimoto ili ku Japan kapena ku Dar es Salaam. Koma mtundu womwewo ulipo pa siteji. Pemphani dalaivala wa Sienta, mumulipire ulendo umodzi, makolo alowe ndi kutsika katatu, kenako muyende nawo theka la ola atsikenso. Osawafunsa kuti zili bwanji, ayankha kuti zili bwino kuopa kukuvutitsani. Yang'anani nkhope ndi manja. Akakukuta mano, akagwira mpweya, akayamba kufufuza pogwira, lembani zimenezo.

[Amayi akhale mu Sienta, alowetse miyendo, aike ndodo pambali.]

Amayi, ndikumangeni lamba?

[Amayi: "Ndimanga ndekha, mwana wanga. Tatseka chitsekocho, kukuzizira."]