Akuitanani ku komiti kuti munakopera: kufotokoza mmene munalembera

Moni nonse. Vidiyo ya lero ndi ya inu amene mwalandira imelo yochokera ku yunivesite yonena kuti asayimenti yanu ikukayikitsa, ndipo mukufunika kukaonekera pamaso pa komiti yoona za chinyengo pa maphunziro. Ndilankhula za mmene zimayendera ku England, kumene Amalawi anzathu amapita kukachita maphunziro a masitazi. Ngati muli ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu, kakonzekeredwe kake ndi komweko, koma malamulo a sukulu yanu muwawerenge nokha.

Komitiyo sinakhale pansi kuti iweruze ngati ndinu munthu wabwino. Funso lake ndi lochepa kuposa pamenepo: ndime iyi, ya pa tsamba lakuti, inafika bwanji m'ntchito yanu? Ku England, udindo wopereka umboni uli pa yunivesite, osati pa inu. Komabe siyifunika kutsimikiza mpaka kuchotsa chikayiko chonse monga zimakhalira kukhoti pa mlandu waupandu. Imangoyeza kuti pa mbali ziwirizi, yooneka yoona kuposa inzake ndi iti. Ndiye chifukwa chake tsiku lolembedwa pa fayilo lingakuthandizeni kuposa kulumbira kuti simunabepo chibadwire.

Tiyerekeze wophunzira amene walemba asayimenti ya mawu 3,000 yonena za ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, FISP ija, yomwe inayamba mu 2005 ndipo inalowedwa m'malo ndi AIP mu 2020. Kalata yomwe walandira ikutchula zinthu ziwiri. Turnitin, pulogalamu yofufuza mawu ofanana ndi zolemba za ena, yaonetsa kufanana kwa 38 peresenti, ndipo dzina la mwini fayilo ya Word si lake.

Asanachite china chilichonse, asakhudze mafayilo ake. Ndikunenetsa pamenepa chifukwa mantha amapangitsa munthu kutsegula fayilo yakale n'kuyamba kukonza apa ndi apo. Mukangosunga, tsiku lomaliza kusinthidwa limakhala la lero, ndipo umboni womwe ukanakupulumutsani wayamba kuoneka ngati wophika dzulo. Kupanga dirafuti yabodza ndiye kumaposa mlandu woyambawo. Koperani zonse mu foda ina, muzigwiritsa ntchito zokoperazo, zenizenizo zikhale mmene zilili.

Kenako alembere ofesi yomwe yamuitana, apemphe lipoti lonse la Turnitin, osati nambala yokha, komanso umboni wina uliwonse umene komiti idzakhale nawo patebulo. Afunsenso kuti mlandu wake ndi uti kwenikweni. Kukopera zolemba za ena, kuchitira limodzi ndi mnzako ntchito yoyenera kuchita wekha, ndi kulembetsa kwa munthu wina ndi milandu yosiyana, ndipo uliwonse uli ndi yankho lake. Tsiku lomwelo apite ku ofesi ya uphungu ya bungwe la ophunzira. Alangizi a kumeneko salipiritsa, sali mbali ya komiti, ndipo m'mayunivesite ambiri amaloledwa kukuperekezani. Ngati masiku achepa kapena umboni wafika mochedwa, kupempha kuti tsiku lisunthidwe si mwano.

Tsopano tiyeni tione lipoti lija, chifukwa apa ndi pamene pali ntchito yaikulu.

[Pa sikirini: tsamba la lipoti, ndime zina zapakidwa mitundu]

Nambala ya 38 siyikunena kuti wakopera magawo 38 pa 100 alionse. Turnitin imangopaka mtundu paliponse pomwe mawu afanana ndi zomwe ili nazo kale, ndipo siyidziwa ngati mwatchula gwero kapena ayi. Wophunzira wathu akayamba kuyenda mtundu ndi mtundu, akupeza kuti gawo lalikulu ndi mndandanda wa mabuku wa kumapeto. Gawo lina ndi mawu omwe anawaika bwino m'mitengero n'kutchula mwini wake. Kwina ndi timawu ting'onoting'ono tomwe aliyense wolemba za FISP sangatipewe, monga dzina la ndondomekoyo ndi la unduna. Amene ali ndi mwayi wosefa lipotilo akasankha "Exclude bibliography" ndi "Exclude quotes", nambala ija imatsika pomwepo, ndipo mukhoza kupempha kuti akutumizireni lipoti losefedwa chomwecho.

Koma patsala ndime imodzi, pa tsamba 6, mizere isanu yofanana ndendende ndi nkhani ya m'magazini ina ya zaulimi. Dzina la wolemba ndi chaka zilipo kumapeto kwa ndimeyo, mitengero palibe. Iyi ndiye ndime yomwe komiti idzaimepo, choncho nayenso aimepo. Atsegule zolemba zake zokonzekera. Akupeza kuti pa 4 Malichi anakopera mizereyi mu fayilo ya manotsi osaika chizindikiro chilichonse, ndipo pa 17 Malichi, akulemba asayimenti, anaitenga poganiza kuti ndi mawu ake omwe anafupikitsa. Kumeneku ndi kulakwitsa ndithu, ndipo asakubise. Mayunivesite ambiri ku Britain amasiyanitsa kusasamala potchula magwero ndi chinyengo chochita kufuna, makamaka ikakhala nthawi yoyamba, ndipo zilango zake zimasiyana kwambiri. Chomwe chingaonetse komiti mbali yomwe iye ali ndi fayilo ya manotsi ija, ndi dzina la wolemba lomwe analitchula kale. Munthu wofuna kubisa komwe watenga mawu sakonda kuika dzina la mwini wake pambali pomwepo.

Nanga masiku amenewa amapezeka kuti? Ngati munalembera mu Google Docs, pitani pa File, kenako Version history, kenako See version history. Muona ntchito yanu ikukula tsiku ndi tsiku, ndi maola ake omwe. Chenjerani apa: mukapanga kope kudzera pa Make a copy, kapena mukaitsitsa kukhala fayilo ya Word, mbiriyo siyitsatira. Jambulani sikirini, ndipo mufunse ngati angakuloleni kutsegula fayilo yeniyeniyo pa tsikulo. Mu Word, Version History imapezeka pa File kenako Info, koma pokhapokha ngati fayiloyo imasungidwa pa OneDrive kapena SharePoint. Ngati inali pa kompyuta pokha, fufuzani madirafuti omwe munadzitumizira pa imelo kapena pa WhatsApp, makalata a pakati pa inu ndi aphunzitsi, mabuku omwe munabwereka ku laibulale, ngakhale kope lamanja lomwe munajambulamo dongosolo la ntchitoyo.

Mbiriyi muiwerenge ndi diso la munthu wokukayikirani. Ngati pa tsiku lina mawu 800 anatulukira kamodzi m'mphindi imodzi, adzafunsa. Mwina munalembera pa foni muli m'basi n'kudzawamata madzulo. Ngati ndi choncho, pezani noti ya pa foniyo, yokhala ndi tsiku lake, musanafunsidwe.

Nkhani ya dzina la pa fayilo ndi yaifupi. Word imalemba pa Author dzina lomwe linaikidwa m'pulogalamuyo, kapena la munthu amene anayambitsa fayiloyo. Wophunzira wathu anagula laputopu yogwiritsidwa kale ntchito kwa mnzake wa m'nyumba, ndipo dzinalo sanalisinthe. Aonetse mafayilo ena akale, a maphunziro ena, okhala ndi dzina lomwelo, ndi uthenga womwe anagwirizana za mtengo wa laputopuyo.

Zonsezi aziike pa tsamba limodzi motsatira masiku: tsiku lomwe anasankha mutu, lomwe anawerenga zakutizakuti, lomwe analemba gawo loyamba, lomwe anapereka. Tsiku lililonse likhale ndi nambala ya umboni wake. Atumize tsambali nthawi yomwe kalata yanena isanakwane, ndipo asindikize lake loti adzagwire m'manja.

Akakayikira kuti wina anakulemberani, komiti imakonda kufunsa za m'kati mwa ntchitoyo. Munasankhiranji buku ili osati lija? Mawu awa mukutanthauza chiyani? Choncho werenganinso asayimenti yanu ndi magwero ake akuluakulu, kenako mupatse mnzanu pepalalo kuti aloze ndime iliyonse yomwe wafuna, inu muifotokoze osayang'ana. Osaloweza mayankho. Munthu woloweza amasokonezeka funso likangopindidwa pang'ono, pomwe amene analemba yekha amatha kunena ngakhale mfundo yomwe anaichotsa ndi chifukwa chake.

Pali chinthu china chimene chimandikhudza kwambiri. Ife tinaleredwa kuti wamkulu akakudzudzula, umaweramitsa mutu, n'kupepesa, osayankha. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma m'chipinda muja muli munthu amene akulemba zonse zokambidwa, ndipo kupepesa kosatchula chomwe mukupepesera kukhoza kulembedwa ngati kuvomera mlandu wonse. Ena amagwera mbali inayo, amayamba kunena kuti mphunzitsi amawada. Ngati muli ndi umboni wa kukondera, uli ndi njira yake yodandaulira, ndipo mlangizi wanu akuuzani. Pa tebulo ili, wophunzira wathu anene motere:

"Ndikumvetsa chifukwa chake ndime ya pa tsamba 6 yakayikitsa. Mizere isanuyo si yanga, ndipo ndinayenera kuiika m'mitengero. Umboni nambala 3 ukuonetsa mmene inalowera kuchokera m'manotsi anga a pa 4 Malichi. Koma asayimentiyi ndinalemba ndekha, ndipo ndikupempha kuti tione limodzi mbiri ya fayiloyi."

Wavomera chomwe ndi choona, wakana chomwe si choona, ndipo sananyoze amene anamunenera. Funso likakhala losamveka, apemphe kuti alibwereze. Ngati sakukumbukira, anene kuti sakukumbukira, chifukwa tsiku longopeka likasemphana ndi la pa fayilo, komiti imayamba kukayikira ndi zoona zomwe. Mawu akayamba kunjenjemera, apemphe mphindi zisanu zopuma. Ngati nthawi yolembayo kunali maliro kwawo kapena anadwala, atchule ndi umboni wake, podziwa kuti kawirikawiri zimenezi sizifafaniza cholakwa, zimangoganiziridwa posankha chilango.

Chigamulo chikabwera, werengani zifukwa zake ndi tsiku lomaliza kuchita apilo, chifukwa nthawi yake imakhala yochepa. Apilo si mwayi wobwereza nkhani yonse. Nthawi zambiri imamveka pamene ndondomeko sinatsatidwe, pamene papezeka umboni watsopano womwe simukanatha kuupereka poyamba, kapena pamene chilango chaposa cholakwa. Njira za m'yunivesite zikatha, mumapatsidwa kalata yotchedwa Completion of Procedures. Ku England ndi ku Wales muli ndi miyezi 12 kuchokera pa tsiku la kalatayo yoti mukadandaule ku Office of the Independent Adjudicator, ndipo wophunzira salipira kanthu. Ofesiyi siyichonganso asayimenti yanu, imaona ngati yunivesite inatsata malamulo ake komanso ngati chigamulo chake chinali chomveka. Amene ali ku Scotland amapita ku Scottish Public Services Ombudsman.